Kachitsulo kamodzi, mapulogalamu angapo: kusankha CAD yaulere yoyenera ntchito yanu

Mmisiri wopanga mageti akafuna kachitsulo kolumikizira zitsulo ziwiri, nthawi zambiri amajambula ndi choko pansi, n'kutenga tepi ndi chopukusira. Wophunzira zauinjiniya ku MUBAS mumzinda wa Blantyre, ku MUST m'boma la Thyolo kapena kusukulu ya ntchito zamanja amauzidwa kuti ajambule kachitsulo komweko pa kompyuta, miyezo yake yonse ili yeniyeni. Mapulogalamu ogwirira ntchito imeneyi amatchedwa CAD. Otchuka m'mafakitale, monga AutoCAD ndi SolidWorks, amalipiridwa m'ndalama zakunja, ndipo mtengo wake suli wa thumba la mwana wasukulu. Koma alipo ena aulere, ndipo ena mwa iwo akula mokwanira kugwirira ntchito yeniyeni.

Vuto n'lakuti aulerewa ndi ambiri ndipo safanana. Njira yabwino yowasiyanitsira ndi kuwapatsa onse ntchito imodzi, kenako n'kusintha muyezo umodzi ntchito itatha kale. Pamenepo ndi pamene khalidwe la pulogalamu iliyonse limaonekera.

Ntchito yake nayi. Pakufunika kachitsulo kafulati, mamilimita 80 mulitali, 40 mulifupi, kochindikala mamilimita 5. Kakhale ndi mabowo awiri olowetsa mabawuti a M6. Bawuti ya M6 ndi ya mamilimita 6, choncho bowo lake limaboledwa lokulirapo pang'ono, mamilimita 6.6, kuti ilowe mosakakamiza. Pakati pa bowo lililonse pakhale pa mtunda wa mamilimita 10 kuchokera kumapeto a kachitsuloko. Zonse zikatha, mwini ntchito abwera n'kunena kuti anayeza molakwika: mulitali muyenera kukhala mamilimita 100, koma mabowo akhale momwemo, mamilimita 10 kuchokera kumapeto.

Tinkercad: kuyamba tsiku lomwelo

Tinkercad inayamba mu 2011 ndipo kampani ya Autodesk inaigula mu 2013. Siiikidwa pa kompyuta. Munthu amalembetsa dzina n'kumaigwiritsa ntchito pa intaneti. Kagwiridwe kake n'kosanja zinthu zopangidwa kale. Munthu amakoka bokosi n'kulipatsa miyezo 80, 40 ndi 5, kenako amakoka masilinda awiri a mamilimita 6.6 n'kuwasandutsa Hole, kutanthauza kuti m'malo mowonjezera, aziboola. Akawaika pamalo ake ndi Ruler n'kudina Group, mabowo amaoneka nthawi yomweyo. Mwana wa sitandade 7 amene sanaonepo CAD akhoza kumaliza ntchitoyi asanaweruke.

Tsopano mwini ntchito wabwera ndi mamilimita 100 ake aja. Wojambula akangokoka kachitsulo kophatikizidwako kuti katalike, chilichonse chimene chili mkati chimatambasuka limodzi. Kuchoka pa 80 kufika pa 100 ndi kuchulukitsa ndi 1.25. Bowo limene linali lozungulira bwino limasanduka lobulungira ngati dzira, mamilimita 8.25 mbali imodzi ndi 6.6 mbali inayo, ndipo pakati pake pamasuntha kufika mamilimita 12.5 kuchokera kumapeto. Njira yolondola ndi kudina Ungroup, kutalikitsa bokosi lokha, kusuntha silinda ndi dzanja, n'kuphatikizanso. Pa mabowo awiri imeneyi si ntchito yaikulu. Pa chinthu cha mabowo 30 ndi tsiku lathunthu.

Chifukwa chake n'chakuti Tinkercad imasunga zinthu ndi malo amene zili, koma sisunga lamulo loti bowo lizikhala mamilimita 10 kuchokera kumapeto. Ndi yabwino pa zidole, zikwangwani za mayina, timabokosi ndi zina zosindikiza pa pulinta ya 3D. Ilinso ndi gawo la Circuits loyeserera kulumikiza mawaya ndi Arduino popanda kugula zipangizo. Koma bandulo ikatha, ntchito yaima.

LibreCAD: pepala, rula ndi kampasi

LibreCAD inachokera ku pulogalamu ina yotchedwa QCAD, ndipo imajambula zafulati zokhazokha, monga amachitira wojambula mapulani patebulo. Siidziwa zoti kachitsuloko n'kochindikala mamilimita 5, pokhapokha munthu atajambula maonekedwe a m'mbali payekha n'kulembapo nambalayo. Ubwino wake ndi kulondola ndiponso kupepuka. Mzere umalembedwa ndi manambala: munthu akayambira pa 0,0 n'kulemba @80,0 mzere umayenda mamilimita 80 enieni kupita kumanja. Imayenda bwino ngakhale pa laputopu yakale, siifuna intaneti, ndipo imasunga ntchito mu DXF, mtundu wa fayilo umene mapulogalamu a makina odulira zitsulo ndi matabwa amaulandira.

Pakusintha kuja, LibreCAD ili ndi chida cha Stretch. Wojambula amazinga mbali yakumanja ya kachitsuloko pamodzi ndi bowo lake, n'kuisuntha mamilimita 20. Bowo limakhalabe lozungulira. Koma pali msampha umene umakola ambiri: nambala yolembedwa pa muyezo siilamulira mzere. Munthu akhoza kufufuta 80 n'kulemba 100 papepalapo, mzere uli womwewo wa 80. Mmisiri wowerenga pepala adula 100, pomwe makina owerenga fayilo adula 80. Njira yodziwira ndi kuyeza mzere weniweni ndi chida choyezera mtunda fayilo isanatumizidwe.

Kwa wojambula pulani ya nyumba, geti, zitsulo za pawindo kapena madulidwe a bolodi la kabati, LibreCAD imakwanira. Manja amene azolowera kulemba malamulo ndi manambala motere savutikanso akadzakumana ndi AutoCAD kuntchito.

FreeCAD: kusunga malamulo, osati chithunzi chokha

FreeCAD inayamba kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, ndipo mwa anthu amene anaiyambitsa muli Jürgen Riegel ndi Werner Mayer a ku Germany. Imapangidwa ndi anthu ambiri odzipereka m'maiko osiyanasiyana, ndipo panatenga zaka zoposa 20 kuti atulutse FreeCAD 1.0, mu Novembala 2024. Imayenda pa Windows, macOS ndi Linux. Ikangotsitsidwa kamodzi siifunanso intaneti, ndipo laisensi yake imalola kuikopera pa fulashi n'kugawira kalasi yonse, ngakhalenso kuigwiritsa ntchito pa bizinesi.

Woyamba kumene amasokonezeka ndi kuchuluka kwa magawo ake. Pali Draft, Part, BIM ya zomangamanga, CAM yokonzera njira za makina osema, FEM yoyezera mphamvu, ndi ena. Pa kachitsulo kathu pakufunika awiri okha, Part Design ndi Sketcher.

Munthu amatsegula Part Design, n'kupanga Body, kenako Sketch yatsopano pa XY. Amajambula bokosi la ngodya zinayi mwachisawawa, osalabadira kukula kwake. Pambali pamaoneka nambala ya DoF, yowerenga njira zimene chojambulacho chingasunthire kapena kusinthira. Bokosi longojambulidwa kumene lili ndi njira 4: likhoza kutalika, kukula mulifupi, kusunthira kumbali kapena kusunthira m'mwamba. Kulipatsa 80 mulitali kumachotsa imodzi. Kulipatsa 40 mulifupi kumachotsa ina. Kulamula kuti ngodya ziwiri zoyang'anizana zitalikirane mofanana ndi pakati pa pepala kumachotsa ziwiri zotsalazo.

Zozungulira ziwiri za mabowo zimabweretsa njira zina 6, zitatu pa chilichonse. Wojambula amalamula kuti zikhale zofanana, amapatsa chimodzi mamilimita 6.6, amaika pakati pa chimodzi pa mzere wopingasa wapakati, amalamula kuti ziwirizo zitalikirane mofanana ndi pakati pa pepala, kenako amalemba mtunda wa mamilimita 10 kuchokera pakati pa bowo kufika m'mphepete. Nambala ikafika pa ziro, mizere yonse imasanduka yobiriwira ndipo pamatuluka mawu akuti Fully constrained. Akatseka Sketch n'kudina Pad, kulemba 5, kachitsulo kamadzuka ndi mabowo ake.

Njirayi ndi yaitali poyerekeza ndi ya Tinkercad, koma phindu lake limabwera pa tsiku losintha. Wojambula amatsegula Sketch, amadina kawiri pa 80, n'kulemba 100. Kachitsulo kamatalika, mabowo onse awiri amasunthira kunja okha, aliyense ali pa mamilimita 10 ake, ozungulira monga poyamba. Zili ngati telala wosunga miyezo ya kasitomala m'buku: chiuno chikakula amasintha nambala imodzi, sayambanso kuyeza thupi lonse.

Komabe phindu limeneli limadalira malamulo amene munthu anasankha. Akanalemba mtunda wa mamilimita 60 pakati pa mabowo awiriwo m'malo mwa 10 kuchokera kumapeto, chithunzi cha poyamba chikanaoneka chimodzimodzi. Koma potalikitsa, mabowo akanakhala pomwepo, aliyense mamilimita 20 kuchokera kumapeto. Palibe cholakwika pa njira ziwirizi. Funso ndi lakuti chofunika n'chiti pa ntchitoyo. Ngati kachitsuloko kakukamangidwa pa injini imene mabawuti ake ndi otalikirana mamilimita 60, lamulo loyenera ndi la 60.

Zovuta za FreeCAD zimadziwika ndi zizindikiro zake. Pad ikakana n'kudandaula kuti Wire is not closed, ndiye kuti pangodya ina mizere iwiri yangoyandikana koma sinalumikizane. Kukoka mzere umodzi ndi mausi kumaonetsa pamene pali mpata. Pakatuluka chenjezo la Redundant constraints, ndiye kuti chinthu chimodzi chalamulidwa kawiri, monga kulemba 80 pa mzere wam'mwamba ndi 80 pa wam'munsi pomwe bokosilo limawafananitsa kale.

Vuto lalikulu limene linaipitsa mbiri ya pulogalamuyi kwa zaka zambiri ndi la mayina a m'mphepete. FreeCAD imapatsa m'mphepete ndi mbali iliyonse ya chinthu dzina la nambala, monga Edge7 kapena Face3. Tinene kuti wojambula wasalaza ngodya zinayi za kachitsuloko ndi Fillet, kenako wabwerera ku Sketch yoyamba kukawonjezera kampata m'mbali. Manambala aja akhoza kusinthana, Fillet n'kupezeka pa m'mphepete molakwika kapena kulephereratu, chizindikiro chofiira chili pa dzina lake. FreeCAD 1.0 inachepetsa kwambiri vutoli, koma odziwa amasungabe chizolowezi chawo: Sketch amaiika pa XY, XZ kapena YZ m'malo moiika pa mbali ya chinthu, ndipo Fillet ndi Chamfer amazisiyira kumapeto.

Kachitsulo kakatha, gawo la TechDraw limatulutsa pepala la mmisiri, loonetsa pamwamba ndi m'mbali pamodzi ndi miyezo. Pepalali limatsatira chinthucho, choncho 80 ikasanduka 100 nalonso limasintha. Kuyambira mu 1.0 mulinso gawo la Assembly lolumikizira zidutswa zingapo kuti munthu aone ngati zikulowana.

SolveSpace: yaing'ono koma yochenjera

SolveSpace inalembedwa ndi Jonathan Westhues. Imagwira ntchito ndi malamulo a miyezo monga FreeCAD, ndipo kusintha 80 kukhala 100 kumayenda chimodzimodzi. Kusiyana kwake ndi kukula. FreeCAD ndi ya mamegabaiti mazana angapo, pomwe SolveSpace ndi ya mamegabaiti ochepa chabe, ndipo pa Windows ndi fayilo imodzi imene imatseguka osaiika n'komwe. Malamulo akatsutsana, kumbuyo kwa chojambula kumasanduka kofiira ndipo pulogalamu imatchula malamulo amene angachotsedwe.

Imachita bwino kwambiri pa zinthu zoyenda. Wofuna kuona mmene chogwirira cha pampu kapena mkono wa makina osindikizira njerwa ungayendere amajambula mizere, amaipatsa utali, n'kukoka nsonga imodzi. Zina zonse zimatsatira. Malire ake ndi akuti ilibe chida chosalazira m'mphepete mwa chinthu chomalizidwa, choncho ngodya zozungulira zimayenera kujambulidwa mu chojambula choyamba. Pa zinthu zokhotakhota zodulana nthawi zina imalephera kuphatikiza, n'kuonetsa mizere yofiira pamene pavuta.

OpenSCAD: kulemba m'malo mojambula

OpenSCAD, imene inatuluka mu 2010 ndipo mmodzi mwa oiyambitsa ndi Marius Kintel, siifuna kujambula ndi mausi. Chinthu chimafotokozedwa ndi malamulo olembedwa. Kachitsulo kathu kali motere:

```
mulitali = 80;
mulifupi = 40;
kuchindikala = 5;
bowo = 6.6;
$fn = 64;

difference() {
  cube([mulitali, mulifupi, kuchindikala]);
  for (x = [10, mulitali - 10])
    translate([x, mulifupi / 2, -1])
      cylinder(d = bowo, h = kuchindikala + 2);
}
```

Batani la F5 limaonetsa chithunzi mwachangu, ndipo F6 limawerengera chinthu chomaliza chotulutsa ku fayilo. Kusintha kuja ndi nambala imodzi pa mzere woyamba, chifukwa bowo lachiwiri linalembedwa kuti lizikhala pa mulitali kuchotsera 10. Silinda iliyonse yayambira milimita imodzi pansi pa kachitsuloko n'kupitirira milimita imodzi pamwamba. Izi n'zadala: chodula chikathera ndendende pa nkhope ya chodulidwa, chithunzi chimaonetsa kachikopa kothwanima pabowo ngati silinabooke.

Mzere wa $fn nawo ndi wofunika. OpenSCAD siidziwa chozungulira chenicheni. Imachipanga ndi timizere towongoka tambiri. Popanda mzere umenewu, bowo la mamilimita 6.6 limapangidwa ndi mbali 11 zokha, ndipo malo enieni odutsa bawuti amatsika kufika pafupifupi mamilimita 6.3. Ndi mbali 64, kusiyanako kumatsala pafupifupi 0.01. Pulogalamuyi imakomera okonda masamu ndi olemba mapulogalamu, makamaka pa zinthu zobwerezabwereza monga bokosi la mabowo 200 olowera mpweya. Koma siitulutsa pepala la miyezo la mmisiri, ndiponso siitulutsa fayilo ya STEP.

Aulere okhala ndi malire

Pali mapulogalamu awiri amphamvu a makampani amene munthu angagwiritse ntchito osalipira. Onshape, imene kampani ya PTC inagula mu 2019, imayenda pa intaneti mokha, ndipo anthu angapo akhoza kugwirira limodzi chinthu chimodzi nthawi imodzi. Pa dongosolo lake laulere la anthu wamba, zojambula zonse zimakhala poyera kuti aliyense aone ndi kukopera, ndipo si zochitira malonda. Autodesk Fusion ili ndi laisensi yaulere ya ntchito zapakhomo, imene imalola zikalata 10 zokha zosinthika pa nthawi imodzi. Imayenda pa Windows ndi macOS ndipo imafuna kulumikizana ndi intaneti pafupipafupi. Onse awiri ali ndi dongosolo lapadera la ophunzira, lodalira kuti munthu akadali pasukulu.

Pa kachitsulo kathu, onsewa amasintha 80 kukhala 100 mosavuta, ndipo kawirikawiri zida zawo zosalazira m'mphepete sizivuta ngati za FreeCAD. Koma malamulo a chimene chili chaulere amaikidwa ndi kampani, ndipo imatha kuwasintha. Wophunzira amene akukonza makina oti adzawagulitse ayenera kuwerenga laisensi asanasungeko ntchito ya chaka chathunthu.

Blender nayo imatchulidwa kawirikawiri chifukwa ndi yaulere ndipo imapanga zinthu za 3D. Koma inapangidwira zithunzi, makatuni ndi mafilimu. Pa chiboliboli kapena nkhope ndi yabwino zedi. Pa bowo la bawuti ndi njira yozungulira.

Fayilo ikupita kuti?

Musanasankhe pulogalamu, ndi bwino kufunsa amene adzalandire ntchitoyo. Pulinta ya 3D imafuna STL kapena 3MF, ndipo FreeCAD, OpenSCAD, SolveSpace ndi Tinkercad zonse zimatulutsa STL. Fayilo ya STL imasunga khungu la chinthu ngati timagawo ta ngodya zitatu, ndipo siinena ngati manambala ake ndi mamilimita kapena mainchesi. Chinthu chikatseguka chachikulu kapena chaching'ono ka 25.4, vuto ndi limenelo. Mabowo osindikizidwa ndi pulasitiki amakondanso kutuluka ochepera pang'ono, choncho ndi bwino kusindikiza kachidutswa koyesera n'kulowetsamo bawuti musanawononge pulasitiki wambiri.

Makina odulira zafulati amafuna DXF, imene LibreCAD, FreeCAD ndi SolveSpace zimatulutsa. Injiniya wogwiritsa ntchito SolidWorks kapena Fusion amafuna STEP, chifukwa imasunga bowo ngati silinda yeniyeni yoyezeka. FreeCAD ndi SolveSpace zimaitulutsa, ngakhale STEP siinyamula malamulo aja a mu Sketch. Imanyamula chinthu chomalizidwa chokha. Mafayilo a DWG ochokera ku AutoCAD ndiwo amavuta: FreeCAD imafuna pulogalamu ina yowasandutsa, ndipo LibreCAD siitsegula onse bwinobwino. Chapafupi ndi kupempha wotumizayo kuti asunge ntchito yake mu DXF.

Ndani atenge chiyani

Mwana wakupulayimale kapena munthu wongofuna kusindikiza chinthu chimodzi ayambe ndi Tinkercad, ngati intaneti ilipo. Wojambula mapulani afulati atenge LibreCAD. Amene kompyuta yake ndi yofooka, kapena akufuna kumvetsa malamulo a miyezo popanda zosokoneza, ayese SolveSpace. Wokonda kulemba malamulo apeza zake mu OpenSCAD. Wophunzira zauinjiniya, amene adzafune pepala la mmisiri, STEP ndi kulumikiza zidutswa mu pulogalamu imodzi yosadalira bandulo, apirire masabata oyamba a FreeCAD, ndipo agule mausi ya mabatani atatu, chifukwa kutembenuza chinthu ndi chala pa laputopu n'kotopetsa.

Zimene wophunzirayo azolowera mu Part Design adzazipezanso m'mapulogalamu a kufakitale, mayina okha ndiwo amasiyana. Chimene FreeCAD imatcha Pad, SolidWorks imachitcha Extruded Boss/Base ndipo Fusion imachitcha Extrude. Pocket ndi Extruded Cut mu SolidWorks. Chojambula chokwanira malamulo, chimene mu FreeCAD chimabiriwira, mu SolidWorks, Fusion ndi Onshape mizere yake imachoka pa buluu n'kusanduka yakuda.